Kalulu wa pachitsime ndi kalulu wa pa kanema

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 4. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 9, anandinamiza tsiku lina, ndipo nditamugwira anandiyankha akuseka kuti wangochita za Kalulu. Kodi nthano za Kalulu zimaphunzitsa chiyani kwenikweni, popeza iye ndi wabodza komanso wakuba koma mapeto ake amapulumuka? Nanga kalulu wa m'makatuni amene ana amaonera pa foni ndi yemweyu kodi?

Yankho: Mayi, ndikupempheni kuti titenge nthano imodzi yokha, ya chitsime ija, n'kuiyenda pang'onopang'ono, chifukwa zonse zimene mwafunsa zili m'menemo. Ndiikamba monga ndinaimvera ndili mwana, podziwa kuti kwanu mwina alonda ake anali nyama zina ndipo mathero ake anasiyana pang'ono.

Kunagwa chilala, mitsinje ndi madambo zonse n'kuuma. Nyama zinasonkhana n'kugwirizana zokumba chitsime, koma Kalulu anakana, amvekere iye ludzu salidziwa chifukwa amanyambita mame. Zinzake zinakumba mpaka madzi anatuluka, ndipo zinapangana kuti amene sanakumbe asamwe, n'kuika mlonda. Tsiku loyamba analondera Fisi. Kalulu anafika ndi zipanda ziwiri, china chopanda kanthu, china muli uchi, ndipo sanapemphe madzi ayi. Anangokhala chapatali n'kumaviika kamtengo m'chipanda, kumanyambita, uku akudziyankhulira kuti madzi a m'chitsimecho ndi amatope, ake ndiwo otsekemera. Fisi anapempha kulawa, ndipo Kalulu anamudonthezera kadontho kamodzi palilime. Atapempha kena, Kalulu anati madzi amenewa ndi a mafumu, mphamvu yake imagwetsa munthu chagada, kotero womwa ayenera kuyamba wamangidwa. Fisi anapereka yekha miyendo yake, Kalulu n'kumumanga ndi luzi, kenako anamwa, anatunga, anasamba m'chitsime momwemo mpaka madzi anavunduka, n'kumapita. Mawa lake zinachitikira Njati, mkuja wake Mkango.

Tiime pamenepa kaye, chifukwa phata la nthanoyi lagona apa. Kalulu sanagwire mlonda aliyense mokakamiza, ndipo sakanatha. Luzi limene linamanga Mkango linali lofooka kuposa Mkangoyo. Chimene chinamumanga ndi mtima wake. Fisi anamangidwa ndi dyera. Mkango, kwa okamba aluso, samangidwa ndi dyera koma ndi matama: Kalulu amamuuza kuti madziwa Fisi sanayenere kuwalawa n'komwe, oyenera ndi inuyo mwini dziko, ndipo Mkango akangomva mawu amenewo amagona pansi yekha. Palinso chinthu chachitatu chimene ana sachiona msanga, chomwe ndi manyazi. Mlonda aliyense akamasulidwa m'mawa safotokoza bwinobwino mmene anamangidwira, chifukwa kutero n'kuvomera kuti anasiya ntchito ya gulu chifukwa cha kadontho ka uchi. Amangoti Kalulu ndi woopsa. Choncho mlonda wotsatira amapita osadziwa msampha, ali ndi chikhulupiriro chakuti iye ndi wamkulu kuposa mnzake uja, ndipo chinyengo chomwecho chimagwira ntchito katatu popanda kusinthidwa ngakhale pang'ono.

Tsono taonani amene anamugwira Kalulu. Kamba atadzipereka kulondera, nyama zinamuseka, koma iye anadzipaka ulimbo pachigoba n'kukabisala m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anafika ndi uchi wake, anaitana mlonda, koma kunali zii. Anaganiza kuti atopa naye, ndipo anaponda pamwala paja kuti atunge bwino, mwendo n'kukanirira. Anaopseza kuti amenya ndi mwendo winawo, nawonso unakanirira, kenako manja, kenako mutu, mpaka Kamba ananyamuka naye pamsana kupita kubwalo. Kamba anapambana chifukwa anakana kuyankhula naye. Chida chonse cha Kalulu ndi pakamwa, ndipo munthu amene sakufuna kanthu kwa iye, amene sakumuyankha n'komwe, alibe pomugwirira. Onaninso kuti Kalulu anakodwa mofanana ndi mmene ankakolera anzake: anadzimanga yekha, chiwalo ndi chiwalo, chifukwa cha kudzikuza kwake ndi kupsa mtima. Akuluakulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo chithunzi cha mwambi umenewu ndi Kalulu ali pamsana pa Kamba.

N'zoona kuti pabwalo paja anapulumuka. Anachonderera kuti amuphe mwanjira ina iliyonse koma asamumenyetse pamulu wa phulusa, chifukwa imfa imeneyo ndiyo amaiopa kwambiri, ndipo nyama, pofuna kumupweteka koposa, zinasankha chomwecho. Fumbi litati kobo, Kalulu anali atalowa kale m'tchire. Ena amati anamugwira mchira n'kumuzunguza, mchira n'kuthothoka, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ali ndi kamchira kakafupi. Apanso chimene chinamupulumutsa si mphamvu zake koma nkhanza za oweruza, amene sanakhutire ndi chilango choyenera koma anafuna chowawitsa. Koma kupulumuka kumeneku tisakuyese kupambana. Kalulu amachoka pabwalo ali yekha, alibe chitsime, alibe mnzake, mchira watsala m'manja mwa ena, ndipo chilala chikadalipo. Nthano simupatsa ufumu kapena mudzi. Imangomusiyira moyo wake ndi tchire.

Choncho ndikafunsidwa chimene nthano za Kalulu zimaphunzitsa, ndimayankha kuti phunziro lake lalikulu lili pa mlonda, osati pa Kalulu. Mwana womvera nthano amaikidwa pampando wa Fisi katatu konse. Ulendo woyamba amadabwa, wachiwiri amayamba kuuzindikira msampha, ndipo wachitatu amakhala atauona usanatchedwe. Ndikukumbukira agogo anga aakazi akutikambira nthano yomweyi usiku, akutongola chimanga m'lichero, ife tikuyankhira kuti “tili tonse.” Atafika pamene Mkango ankapereka miyendo yake, mlongo wanga wamng'ono, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, anadzuka pamphasa n'kukuwa kuti, “Musalole! Ndi uchi chabe!” Agogo anasiya kutongola, anamuyang'ana, nati, “Iwe ndiye wamva.” Sanawonjezere mawu ena. Mwana uja anali ataphunzira kuzindikira munthu amene amabwera osapempha kanthu, amene amayamba wakulawitsa, kenako n'kukuuza kuti chotsalacho uchipeza ukangomupatsa manja ako. Aliyense amene analandirapo uthenga pa foni wonena kuti wapambana mphotho koma ayambe watumiza kandalama kochepa akudziwa kuti chipanda cha uchi chija chikuyendabe.

Komabe sindingakhale woona ndikanena kuti Kalulu ndi chenjezo chabe, chifukwa timamukonda, ndipo nthano imafuna kuti timukonde. Iye ndi wamng'ono pakati pa zamphamvu, alibe nyanga, alibe zikhadabo zoopsa, ndipo pafupifupi nyama iliyonse yodya zinzake ingathe kumudya. Mu nthano ya chingwe ija, pamene anauza Njovu kuti akokane naye, n'kukauzanso Mvuu chimodzimodzi, kenako n'kupatsa aliyense nsonga yake ya chingwe chimodzi kuti azikokana okhaokha tsiku lonse osaonana, Kalulu sanabe kanthu. Ankafuna kuti akuluakulu awiri aja asiye kumupeputsa, ndipo womvera aliyense amene anapeputsidwapo, kaya mwana pakati pa akuluakulu, kaya mkamwini pamudzi pa eni ake, amasangalala naye ndi mtima wonse. Nthano zimenezi zinkapatsa anthu malo osekerapo mfumu yopusa popanda kutchula mfumu iliyonse. Kalulu wa chingwe ndi Kalulu wa chitsime ndi mmodzi, ndipo mwana amayenera kumva zonse ziwiri kuti aone kuti nzeru yomweyo imene imateteza wofooka kwa wamphamvu imasanduka ukathyali ikalozedwa kwa anzako amene anakhetsa thukuta pokumba.

Pali nthano inanso imene masiku ano anthu amaidumpha poiona ngati yoopsa kwa ana, koma ine ndimaiona kuti ndi yofunika. M'chaka cha njala Kalulu ndi Fisi anapangana kuti aphe amayi awo. Fisi anaphadi ake, koma Kalulu anakabisa ake kuphanga, ndipo tsiku lililonse ankapita kukadya kumeneko, akuimba nyimbo yoti amayi akewo amuzindikire. Fisi ataona kuti mnzake sakuwonda anamutsatira, anaphunzira nyimbo ija, ndipo tsiku lina anakaiimba yekha pakhomo pa phanga. Kalulu atabwera anaimba, koma panalibe woyankha. M'nthano imeneyi imfa ndi imfa yeniyeni, amayi sadzukanso, ndipo bodza la Kalulu, ngakhale linali lopulumutsa kholo, linathera pamaliro. Ana akamva nthano iyi amakhala chete kwa kanthawi, ndipo kukhala chete kumeneko ndi gawo la phunziro. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene itithandize tikafika pa makatuni.

Nyama yochenjera yotereyi si yathu yokha. Ashona ali ndi Tsuro, Aswahili ali ndi Sungura, onsewa ndi akalulu. Kwa Aakani a ku Ghana wochenjera ndi kangaude Ananse, kwa Ayoruba a ku Nigeria ndi kamba wotchedwa Ijapa, ndipo ku Ulaya kalekale ankakamba za nkhandwe yotchedwa Reynard. Kachigawo ka ulimbo kaja n'kofala kwambiri moti katswiri wina wa nthano, Aurelio Espinosa, anasanthula mitundu yake 267 yochokera m'maiko osiyanasiyana m'chaka cha 1943. Anthu amene anagwidwa ukapolo, ambiri a iwo ochokera kumadzulo ndi pakati pa Afirika, anawoloka nyanja ndi nthano zawo m'mutu. Ananse anakafika ku Jamaica, kumene akukambidwabe, ndipo kummwera kwa dziko la Amereka kunamera kalulu wotchedwa Br'er Rabbit, kutanthauza kuti achimwene Kalulu. Mtolankhani wachizungu wa ku Georgia, Joel Chandler Harris, amene anamva nthanozi kwa akapolo ali mnyamata pamunda wina waukulu, anazisindikiza m'buku m'chaka cha 1880.

Nthano yotchuka kwambiri m'bukulo mudzaizindikira msanga. Nkhandwe inaumba chidole cha phula n'kuchikhazika m'mbali mwa njira. Kalulu anachipatsa moni, chidole osayankha, ndipo atakwiya anachimenya, dzanja n'kukanirira, kenako linzake, kenako miyendo ndi mutu. Nkhandwe itatulukira, Kalulu anachonderera kuti imuwotche, imupachike kapena imumize, koma isamuponye paminga, ndipo itamuponya pamenepo anafuula ali patali kuti paminga ndi pamene anabadwira n'kukulira. Ulimbo wasanduka phula, phulusa lasanduka minga, koma mafupa a nthano ndi omwewo. Chimene chasowa ndi chitsime. Kalulu uyu sanabere gulu la anzake. Akungosakidwa ndi wamphamvu amene akufuna kumudya. Kwa anthu amene thukuta lawo lonse linkadyedwa ndi mwini munda, amene kunena zoona pamaso pa bwana kukanawaphetsa, nthano inapendekera mbali ya Kalulu, ndipo bodza lake linakhala chida cha munthu amene walandidwa zida zina zonse. Nthano imasintha kulemera kwake malinga ndi amene akuikamba ndi mavuto amene ali nawo.

Tsopano tifike pa kanema. Kalulu wa makatuni amene ana ambiri amamudziwa, Bugs Bunny, anaonekera m'maonekedwe ake odziwikawa m'chaka cha 1940, m'katuni ya kampani ya Warner Bros. imene anaitsogolera Tex Avery. Sitinganene kuti iye ndi mdzukulu wa Kalulu wathu mwachindunji, chifukwa omupanga anatengeranso kayankhulidwe ndi kayendedwe kake kwa anthu a nthabwala a m'mafilimu a nthawi imeneyo, ndipo mitundu ina ya eni dziko la Amereka, monga Acherokee, inali ndi nthano zakezake za kalulu wochenjera. Koma iye anabadwira m'dziko limene Br'er Rabbit anali wodziwika kale kwa zaka 60, ndipo ntchito imene amagwira m'nkhani ndi yomweyo: wamng'ono wopanda chida, woyang'anizana ndi mlenje wa mfuti, amene amapulumuka ndi pakamwa.

Titenge katuni imodzi ya 1951 yotchedwa Rabbit Fire, imene anaitsogolera Chuck Jones, kuti tiiyerekeze ndi chitsime chija. Muli anthu atatu: kalulu, bakha wotchedwa Daffy Duck, ndi mlenje wotchedwa Elmer Fudd. Bakha, pofuna kudzipulumutsa, akudinda mapazi abodza a kalulu pansi kuti mlenje alondole mpaka kuuna wa mnzake. Atakumana onse atatu, mkangano ukubuka pamaso pa mlenje wakuti nyengo ino ndi yosaka chiyani. Kalulu akuti ndi ya abakha, uku akukankhira mfuti kwa bakha; bakha akuti ndi ya akalulu, uku akuibwezera. Akubwerezabwereza mofulumira, ndipo mwadzidzidzi kalulu akutembenuza mawu ake n'kunena yekha kuti ndi ya akalulu. Bakha, amene tsopano sakumvanso mawu koma akungofuna kutsutsa chilichonse chimene mnzake wanena, akukuwa kuti ndi ya abakha, akukokera mfuti kumaso kwake, n'kulamula mlenje kuti awombe. Mfuti ikulira. Zimenezi zikuchitika kangapo motsatizana, ndipo ulendo uliwonse bakha akudziwa kuti wapusitsidwa koma akubwereranso mumsampha womwewo.

Mayi, mwaona kuti apa palibe chatsopano. Kalulu sanawombe mfuti, monga Kalulu wathu sanagwetse Mkango. Bakha wadziwombetsa yekha chifukwa cha mtima wofuna kupambana mkangano, monga Fisi anadzimangitsa chifukwa cha dyera. Kubwereza kuja kuliponso, ndipo kukugwira ntchito yomweyo, yopatsa woonera mpata woti aone msampha usanafwamphuke. Ngakhale chinyengo chonena chosiyana ndi chimene ukufuna, kuti mdani wako akuchitire chimene ukufunacho, ndi chija cha phulusa ndi minga. M'katuni yomweyi kalulu akudzibisa povala ngati mkazi kuti asokoneze mlenje, ndipo kudzisintha maonekedwe ndi chida chakale cha ochenjera a m'nthano. Opanga makatuni anatenga msampha wa nthano wathunthu, ndipo anautenga chifukwa ndi woyenerera katuni ya mphindi pafupifupi 7: sufuna kufotokoza kwambiri, umamveka ngakhale kwa mwana wosadziwa Chingerezi, ndipo ungabwerezedwe ndi mdani wina mlungu wotsatira.

Kusiyana kwake kuli pa zimene anasiya, ndipo choyamba ndi mlandu wa Kalulu mwini. Chuck Jones ankanena poyera kuti kalulu wake ayenera kuyamba waputidwa, apo ayi asanduka wovutitsa anzake ndipo oonera asiya kumukonda. N'chifukwa chake makatuni ambiri a Bugs Bunny amayamba iye ali phee kuuna kwake, akudya karoti, kenako wina n'kubwera ndi mfuti kapena kudzagumula nyumba yake. Chilichonse chimene angachite pambuyo pake chimakhala kubwezera, ndipo woonera safunika kudzifunsa ngati n'koyenera. Kalulu wa pachitsime sanaputidwe ndi aliyense. Anakana ntchito, anaba madzi, ndipo anawavundula dala atamaliza kumwa, kuti amene anakumba apeze matope. Womvera amamuseka uku akumuipidwa, amamufunira kuti athawe uku akudziwa kuti Kamba walondola. Kusamvana kwa mumtima kumeneku ndiko kumene kumakulitsa mwana, chifukwa anthu amene adzakumane nawo pamoyo, osangalatsa koma osadalirika, ndi otero. Katuni inagawa Kalulu pawiri: nzeru ndi chisangalalo inapatsa kalulu, dyera ndi nsanje inapatsa bakha, kotero kuti mwana amadziwiratu wabwino ndi woipa asanaganize.

Chachiwiri chimene anasiya ndi njala ndi imfa, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu. Nthano zathu zambiri za Kalulu zimayamba ndi chilala kapena njala, ndipo chimene akulimbirana ndi madzi, munda, nyama kapena mkazi, zinthu zimene womvera akudziwa kulemera kwake. M'katuni ija mlenje amavomera yekha kuti sadya nyama, amangosaka pofuna kusangalala, kutanthauza kuti palibe amene ali ndi njala m'nkhani yonseyo. Bakha akawombedwa kumaso, mlomo wake umazungulira kapena kukakhala pamalo ena, iye n'kuubweza ndi dzanja, ndipo pakamphindi ali bwinobwino. Kalulu wathu anataya mchira ndipo sunamerenso. Amayi ake anadyedwa ndipo nyimbo yake inasowa woyankha. Mwana amene waonera makatuni 50 otere waona chinyengo kambirimbiri koma sanaonepo mtengo wake ngakhale kamodzi. Sindikunena kuti katuniyo ndi yoipa, chifukwa luso lake ndi lalikulu ndipo inenso ndimaseka nayo, koma inapangidwa kuti iseketse anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu filimu yaikulu isanayambe, ndipo sinalonjeze kugwira ntchito ya agogo.

Chachitatu ndi bwalo. Kalulu wa m'nthano amakhala pakati pa anzake amene anapangana pangano, amene amaika mlonda, amene amazenga mlandu. Kalulu wa pa kanema alibe mudzi, alibe mfumu, alibe apongozi, ndipo palibe pangano limene angaswe. Chimodzimodzinso womvera: nthano imakambidwa pagulu, wokamba akuyang'ana nkhope za ana, akutalikitsa pamene aona kuti sanamve, akufewetsa pamene wamng'ono wachita mantha, ndipo ikatha ndi “kaphuleni mbatata,” ana n'kuyankha kuti yapserera, mkangano umayamba pomwepo wakuti wolakwa anali ndani. Foni siyang'ana nkhope ya mwana, ndipo katuni ina imayamba ina isanazizire.

Makatuni ena anaitenga nyama yochenjera n'kuipotoza mwanjira zina. Kuyambira 1949 pali Wile E. Coyote, nkhandwe ya m'chipululu imene imathamangitsa mbalame yaliwiro osaigwira, misampha yake yonse n'kumaibwerera yokha. Ameneyu ndi Kalulu wa pamsana pa Kamba amene wasandutsidwa nkhani yonse, ngakhale kuti m'nthano za eni dziko la Amereka nkhandwe yomweyi ndi yozama kuposa pamenepo, chifukwa ndi yopusa komanso, kwa mitundu ina, ndi imene inabweretsera anthu moto. Mafilimu aatali a masiku ano amachita china. Mu Zootopia ya 2016 kalulu ndiye wapolisi, tambwali ndi nkhandwe, ndipo filimuyo imafotokoza kuti nkhandweyo inayamba ukathyali chifukwa inachitidwa chipongwe ili yaing'ono. Pamapeto imasintha n'kulowa upolisi. Kumeneko wochenjera amachiritsidwa. Nthano sichiritsa Kalulu, ndipo mawa usiku adzabweranso ali yemweyo, chifukwa cholinga chake si kumusintha iye koma kunola maso a omvera.

Ndibwerere kwa mwana wanu. Mawu ake aja akusonyeza kuti wadziika pamalo a Kalulu ndipo inu wakuikani pamalo a Fisi, ndiye kuti watola msampha koma sanatole mtengo wake. Zimenezi si zachilendo pa msinkhu wake, ndipo sizichokera ku makatuni okha. Zimachokeranso kwa ife aphunzitsi tikamafupikitsa nthano n'kulemba pabolodi kuti phunziro lake ndi lakuti nzeru zimaposa mphamvu. Chiganizo chimenecho n'choona pa nthano ya chingwe, koma pa nthano ya chitsime chimapatsa wakuba mendulo, ndipo mwana wochenjera amachimva ngati chilolezo. Kulemba kuti phunziro lake ndi lakuti kuba n'koipa nakonso sikuthandiza, chifukwa mwana waona ndi maso ake kuti wakubayo wathawa, ndipo amazindikira kuti mphunzitsi akunena zimene nthano sinanene.

Njira yodziwira ngati mwana wamva ndi kumupempha kuti akukambireni nthanoyo yekha, inu n'kumvetsera zimene wasiya. Mwana amene watola msampha wokha amakamba za uchi ndi luzi mwatsatanetsatane, akuseka, koma amadumpha kukumba kwa nyama zija, amaiwala kuti Kalulu anavundula madzi, ndipo za Kamba amazithamangira. Mukaona zimenezo musamudzudzule, koma mukambireninso nthanoyo usiku wina, foni ili kutali, ndipo muchedwe dala pamalo amene iye anadumpha: nyama zikukumba padzuwa, ana a Mbawala akulira ndi ludzu, m'mawa onse akufika pachitsime n'kupeza matope. Kenako mufunseni mafunso amene yankho lake silili m'mawu a nthano. Chinamumanga Mkango n'chiyani, popeza luzi akanatha kulidula? N'chifukwa chiyani Fisi sanachenjeze Njati? Kalulu atathawa pabwalo, mawa lake anakamwa kuti? Funso lomalizali ndaliyesa kwa ana ambiri, ndipo kawirikawiri amayamba ayankha msanga kuti anakabanso, kenako amakumbukira okha kuti Kamba akadalipo ndipo nyama zonse tsopano zaudziwa uchi uja.

Katuni nayonso mungaigwiritse ntchito m'kalasi mwanu mwanjira yomweyo, popeza anawo aionera kale. Aonetseni kachigawo ka mkangano wa kalulu ndi bakha kaja, muimitse pamene kalulu watembenuza mawu, ndipo muwafunse chimene bakha akanachita kuti apulumuke. Ena adzati akanathawa, ena adzati akanalanda mfuti, koma pafupifupi nthawi zonse pamapezeka mmodzi amene amati akanangokhala chete osayankha. Ameneyo mumufunse kuti m'nthano ya chitsime anachita zimenezo ndani, ndipo mumusiye afotokozere anzake yekha za Kamba ndi ulimbo wake.